Ndowe, zitosi kapena manyi? Za chithunzi cha ku khola la mbuzi

Funso: Ba ticha, ndimakhala ku Chilenje koma tili ndi kafamu ku Chongwe. Mbuzi imodzi yasowa usiku, m'mawa mnyamata wanditumizira chithunzi cha mendo ya chinyama pa matope ndi ndowe zoyera pafupi ndi khola. Ndauza agogo kuti kuli ndowe za chimbwi, iwo andiseka ati sitinena choncho. Ndalakwitsa pati, nanga ndi chimbwi zoona?

Pepani ndi mbuziyo amayi. Agogo sanalakwe ayi. Mawu akuti ndowe ali ndi eni ake, ndi a nyama zodya udzu ndi masamba monga ng'ombe, njati, njovu, bulu, ndiye mukangoti ndowe womva wayamba kale kuganiza za chinyama chodya msipu, pamene inu mukunena chilombo chodya nyama. Zitosi ndi za nkhuku, nkhunda, nkhanga ndi mbalame zina. Za galu, fisi kapena kambuku timangoti manyi kapena tudzi, kuno ku Lusaka ambiri amati matuvi. Ndikudziwa pamaso pa akulu mawuwa amalemera pakamwa, mwina nchifukwa chake munathawira ku ndowe, koma mukhoza kungoti "pamene chinadzithandiza chilombocho" agogo amva bwinobwino. Chimbwi uja m'Chichewa ndi fisi.

Mendo nawonso ayi. Mwendo umapita ndi mwini wake, chotsala pa dothi ndi phazi, ambiri mapazi, timati mapazi a fisi, mapazi a galu. Chikakhala chinyama cha ziboda ngati mbuzi, gwape kapena nguluwe mpomwe timati apa padinda ziboda.

Tsopano chithunzi chanu, ndachikulitsa pa foni ndikuchiyang'ana nthawi ndithu. Ziboda palibe, pali zala zinayi ndi kachidendene kumbuyo kwake, ndiye tatsala ndi galu, fisi ndi kambuku amene ena amati nyalugwe. Kutsogolo kwa chala chilichonse kukuoneka kadzenje ka chikhadabo. Pamenepa kambuku watuluka, chifukwa iye ali ngati mphaka, poyenda amabweza zikhadabo mkati, phazi lake limakhala lozungulira ndipo kumbuyo kwa kachidendene kuja kumakhala timapewa titatu. Pa phazi lapakati pa chithunzi chanu ine ndikuona tiwiri, kamodzi kakakulu kuposa kanzake, ndipo mzere wakumbuyowo ndi wopendekeka. Zala nazo ndi zopindika ngati nyemba, zothithikana kwambiri mpaka pakati pake palibe mpata. Umu ndi mmene fisi amadindira. Phazi la galu limakhala lolingana mbali zonse, mutalidula pakati kumanja ndi kumanzere kungafanane.

Chinanso chomwe chandikoka maso, mapazi awiri otsatana aja sali ofanana kukula, lina lalikulu lina laling'ono moonekeratu. Fisi mphamvu zake zili kutsogolo, paja msana wake ndi wotsetsereka, ndiye phazi lakutsogolo limaposa lakumbuyo ndithu. Galu nayenso lakutsogolo limakulirapo koma pang'ono chabe.

Zoyera zija musazidalire pazokha. Fisi amatafuna ndi kumeza mafupa, ndiye manyi ake akauma amayera ngati choko cha kusukulu, koma galu wodya mafupa ambiri nayenso ake amayera akakhala padzuwa. Komanso taonani apa, atsopano a fisi sakhala oyera, amakhala obiriwira moderako, amayera pakapita masiku. Choncho zoyera zanuzo si za usiku womwe mbuzi inasowa, chinyamachi chinayamba kale kuzungulira khola lanu. Mnyamatayo aphwanye chimodzi ndi kamtengo, osati ndi manja, aone ngati muli ubweya ndi tizidutswa ta mafupa, zomwe zingatanthauze fisi, kapena gaga ndi zotsala za nsima, zomwe zingatanthauze galu wa pamudzi.

Chomwe chandivuta ndi kukula kwenikweni, pa chithunzipo palibe chinthu choyerekezera, ndipo matope ofewa amakulitsa phazi, kagalu wamba nkuoneka ngati chilombo. Phazi lakutsogolo la fisi wamkulu limafika masentimita 10 kapena kupitirira pang'ono, la galu wa kumudzi nthawi zambiri siliyandikira pamenepo. Muuzeni ajambulenso asanapondepo anthu ndi ziweto, aike bokosi la machesi pambali pa phazi, kutalika kwake ndi pafupifupi masentimita 5, foni ailoze molunjika pansi osati chammbali, ndipo ajambule m'mawa kapena madzulo dzuwa lili pansi kuti mthunzi ulowe m'timaenje tija, masana phazi limaoneka losalala. Ngati mabokosi awiri akukwana m'phazimo muwauze agogo kuti pa khola pali mapazi a fisi, ndipo mbuzi zotsalazo zisagone m'khola lomwelo lisanakonzedwe.