Kachiyambi ka “anti” pa mankhwala a ziweto: chifukwa chake makapisozi sachiza chitopa

“Alangizi, pa mabotolo a mankhwala a ziweto timaona mawu oyamba ndi anti. Kusitolo anatigulitsa antibayotiki wa nkhuku za chitopa koma zinafabe. Akatemera akuti nkhuku zimafuna antibodi. Si chinthu chimodzi kodi? Nanga antibodi timagula kuti?”

Anti ndi kachidutswa ka mawu kochokera ku Chigiriki, ndipo kamatanthauza “kolimbana ndi” kapena “kotsutsana ndi”. Pakokha sikanena zambiri. Kamangokuuzani kuti pali nkhondo, koma amene akumenyedwa mumamudziwa poona mawu otsatirawo. Pa antibayotiki, mbali yachiwiriyo ikuchokera ku mawu a Chigiriki otanthauza moyo, ndipo moyo umene ukunenedwa ndi wa mabakiteriya, tizilombo tosaoneka ndi maso timene timadya, kukula ndi kuswana patokha. Penisilini, amene Alexander Fleming anatulukira mu 1928, amawononga khoma lakunja la bakiteriya mpaka kuphulika. Okisitetrasayikilini, amene alimi ambiri mumamudziwa ngati jekeseni kapena ufa wachikasu, amalepheretsa bakiteriya kupanga zomanga thupi lake, ndiye amaleka kuswana.

Tsono chitopa sichiyamba ndi bakiteriya. Chimayamba ndi vairasi, ndipo vairasi alibe khoma loti penisilini aswe, komanso alibe zipangizo zakezake zoti okisitetrasayikilini aimitse. Amalowa m'maselo, tizigawo ting'onoting'ono timene timapanga thupi la nkhuku, n'kugwiritsa ntchito zipangizo za nkhukuyo kuti achulukane. Mankhwalawo akalowa m'thupi sapeza pogwira. N'chimodzimodzi ndi chigodola cha nkhumba, nthomba ya nkhuku ndi chiwewe: onsewa ndi matenda a mavairasi, ndipo ndalama zogulira makapisozi pofuna kuwachiza zimangolowa m'madzi. Nthawi zina dokotala wa ziweto amaperekabe antibayotiki pa matenda a vairasi, koma amatero pofuna kuthana ndi mabakiteriya amene apezerapo mwayi pa chiweto chofooka. Vairasiyo samukhudza.

Mawu akuti antibodi ndiwo amasokoneza kwambiri, chifukwa wodziwa Chingerezi angaganize kuti ndi chinthu cholimbana ndi thupi. Ayi. “Bodi” wa apa sakunena thupi la chiweto, akungonena kanthu, ndiye tanthauzo lake ndi “kanthu kolimbana”. Mawuwa anachokera ku Chijeremani, kumene Paul Ehrlich anawagwiritsa ntchito mu 1891. Antibodi sagulidwa kusitolo ya zaulimi, thupi limapanga lokha. Maselo ena oyera a m'magazi akakumana ndi kachilombo kachilendo amapanga timapuloteni tooneka ngati phanda, timene timagwira kachilomboko pamalo pake penipeni monga kiyi alowera mu loko yake. Kakagwidwa chotero sikathanso kulowa m'maselo. Kiyi wa chitopa satsegula loko ya nthomba, n'chifukwa chake katemera mmodzi sateteza matenda onse.

Tiyerekeze khola la nkhuku zachikuda 20, zonse zathanzi, ndipo mwamva kuti chitopa chayamba kumidzi ya kutali. Katemera wa I-2 ndi vairasi wamoyo wa mtundu wa chitopa koma wosadwalitsa. Mumagwira nkhuku, kuipendeketsa mutu, n'kudontheza dontho limodzi m'diso limodzi, ndipo musaitaye mpaka itaphethira dontholo litalowa. Mlingo ndi womwewo kuyambira kamwanapiye mpaka tambala. Patsiku limenelo nkhuku sinatetezedwe. Thupi limafuna sabata imodzi kapena ziwiri kuti lipange ma antibodi okwanira. Apa ndi pamene alimi ambiri amakhumudwira: amadikira mpaka nkhuku zoyamba zitayamba kuwodzera, kugwetsa mapiko ndi kutsegula m'mimba zobiriwira, kenako n'kuthamangira katemera. Nkhuku zikafa amati katemera wazipha, chonsecho vairasi anali atalowa kale, pakuti chitopa chimabisala m'thupi masiku angapo chisanaonekere. Katemera ndi wa nkhuku zathanzi basi.

Ma antibodi amenewa sakhalitsa mpaka kalekale. Amachepa pang'onopang'ono, komanso pakhomo pamakhala paswedwa anapiye ena amene sanalandirepo. Choncho bwerezani miyezi inayi iliyonse, katatu pachaka. Mwa nkhuku 20 zija, mukasiya zitatu chifukwa zinathawira kutchire, zitatuzo zilibe chitetezo ngakhale zigone khola limodzi ndi zinzake, ndiye temerani m'mamawa musanatsegule khola.

Kumbukiraninso kuti katemerayo ndi wamoyo. Dzuwa ndi kutentha zimamupha. I-2 amapirira kutentha kuposa akatemera ena, komabe malo ake ndi mufiriji mozizira, osati moumitsa ayezi, ndipo pomunyamula mukulungeni m'kansalu konyowa mu kadengu kolowa mpweya. Ngati mukugwiritsa ntchito katemera wina wothira m'madzi akumwa, madziwo asakhale ndi kolorini, ndipo chomwera chisakhale ndi sopo kapena mankhwala ophera tizilombo. Vairasi wa katemera akafera m'madzi, nkhuku zamwa madzi chabe.

Pali njira inanso imene chiweto chimapezera ma antibodi, ndipo ndi yaulere: mkaka woyamba, wachikasu ndi wolemera uja. Mwana wa ng'ombe kapena wa mbuzi amabadwa wopanda ma antibodi a mayi ake, chifukwa ma antibodiwo samufika akadali m'chiberekero. Amawapeza mu mkaka umenewu, ndipo matumbo ake amawalola kulowa m'magazi kwa nthawi yochepa: bwino kwambiri m'maola 6 oyamba, ndipo pofika maola 24 njira yatsekeka. Thole lolemera makilogalamu 25 liyenera kuyamwa pafupifupi malita awiri ndi theka msanga likangobadwa. Kukama mkakawu n'kutaya poganiza kuti ndi woipa ndi kulakwira tholelo, ndipo zotsatira zake zimaoneka m'masabata oyamba: kutsegula m'mimba, kutupa mchombo ndi chibayo.

Antibayotiki ali ndi malo ake, ndipo pamalo akewo amapulumutsa chiweto: bala lamafinya, kutupa bere, chibayo cha mabakiteriya. Koma mlingo uyenera kutsata kulemera. Okisitetrasayikilini wokhalitsa m'thupi, uja wa 20 peresenti, amaperekedwa mililita imodzi pa makilogalamu 10 aliwonse, ndiye mbuzi ya makilogalamu 30 ilandire mamililita atatu m'mnofu. Wa 10 peresenti ali ndi mlingo wake wosiyana, werengani botolo. Mukapereka theka la mlingo kapena kusiyira panjira, mabakiteriya ofooka amafa, olimba amatsala n'kuswana, ndipo ulendo wina mankhwala omwewo sagwiranso, pa ziweto ngakhale pa anthu. Pabotolo palembedwanso masiku oyenera kudikira musanamwe mkaka, kudya mazira kapena kupha chiweto. Masikuwo amasiyana pa mankhwala alionse, ndipo kuwalumpha ndi kumwetsa ana anu mankhwala amene sakuwafuna.

“Ndiye mawu alionse oyamba ndi ant- ndi mankhwala?”

Si onse. Antiseputiki ndi mankhwala otsukira bala kunja kuti lisaole, monga ayodini wopaka pamchombo, ndipo si womwa kapena kubaya. Antijeni si mankhwala, ndi mbali ya kachilombo imene imachititsa thupi kupanga antibodi. Koma dzina la nthenda ya anthirakisi lilibe anti m'kati mwake. Likuchokera ku mawu a Chigiriki otanthauza khala, chifukwa cha zilonda zakuda zimene nthendayi imabweretsa pakhungu la munthu. Ng'ombe ikafa mwadzidzidzi ikutuluka magazi akuda osaundana m'mphuno ndi kumbuyo, musaisende, musaigawe nyama, itanani a zaziweto tsiku lomwelo.