Mtima watsika ndi 11 yokha pa mphindi yoyamba: ndisiye kuthamanga?

"Zikomo achimwene. Ndili ndi zaka 46, ndimakhala ku Chilobwe, ndipo m'mawa ndimathamanga pachitunda cholowera kuphiri la Soche. Ndikafika pamwamba wotchi yanga imaonetsa kuti mtima ukugunda ka 162 pa mphindi. Ndimapitiriza kuyenda, ndipo pakatha mphindi imodzi imaonetsa 151. Mnzanga wa kuntchito akuti mtima ukatsika ndi nambala yosaposa 12 ndiye kuti uli ndi vuto. Ndisiye?"

Bambo, ngati simukumva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena phuma lachilendo, musasiye kaye. Mnzanuyo nambala sanaipeke ayi, kungoti waichotsa pamalo pake.

Inachokera ku kafukufuku wa ku Cleveland Clinic, ku Amereka, yemwe anasindikizidwa mu 1999. Madokotala anayeza anthu 2,428 pamakina othamangirapo, n'kuwatsatira kwa zaka 6. Amene mtima wawo unatsika ndi 12 kapena kucheperapo pa mphindi yoyamba anali pa chiopsezo cha imfa chowirikiza kawiri, ngakhale atawerengera kale msinkhu ndi matenda ena. Koma taonani mmene ankayezera. Munthu ankathamanga mpaka mphamvu zitamuthera, kenako makina ankawachepetsa kuti azingoyenda mwapang'onopang'ono, makilomita 2.4 pa ola. Komanso awa anali anthu amene madokotala anachita kuwatumiza kuti akayezedwe mtima, osati othamanga a m'mawa.

Chimene munthu akuchita pa mphindi imeneyo chimasintha zonse. Pa kafukufuku wina wa kuchipatala chomwecho, anthu ankagonekedwa atangotsika pamakina, ndipo malire anakwera kufika pa 18, chifukwa mtima wa munthu wogona umatsika msanga. Nanga inu amene mumapitiriza kuyenda, mwina mofulumira kuposa a pamakina aja komanso chitunda chisanathe n'komwe? Miyendo idakagwirabe ntchito, ikufunabe magazi, ndiye mtima ungatsike bwanji? Kwa ine, 11 yanuyo siinayezedwe m'njira yoti tiiyerekeze ndi 12 ya mnzanu.

Chimatsitsa mtima pa mphindi yoyamba ndi mtsempha wa uthenga wotchedwa vegasi, wochokera ku ubongo. Uli ngati buleki ya mtima. Mukamathamanga thupi limaimasula, mukangoima limaipondanso m'masekondi ochepa. Mwa munthu wozolowera masewera imagwira mwamphamvu, moti kutsika ndi 25 kapena 30 si zachilendo. Ukalamba, fodya ndi matenda a shuga amene akhalitsa zimaifooketsa. Choncho nambalayi ikunena za buleki imeneyi. Siyiloza nthenda inayake, ndipo siyingakuuzeni ngati mitsempha ya mtima yatsekeka.

Yezaninso motere. Pezani malo athyathyathya, bwalo la mpira la kwanuko likwanira. Tenthetsani thupi kwa mphindi 10, kenako thamangani mwamphamvu kwa mphindi 3, mpaka kufika poti simungathe kumaliza chiganizo. Onani nambala pomwe mukusiyira kuthamangapo. Yendani mwakachetechete ngati mukuperekeza agogo, osacheza ndi munthu, ndipo onaninso pakakwana masekondi 60. Mukayamba ndi 164 n'kupeza 143, mtima watsika ndi 21, ndipo nkhawa palibe. Chitani zimenezi masiku atatu kapena anayi osiyana, nthawi yofanana, chifukwa tsiku limodzi limanamiza. Kutentha kwa mu Okutobala, ludzu, kusowa tulo, mowa wa dzulo, kapena thupi lomwe langochira kumene malungo, zonsezi zimachedwetsa mtima kutsika.

Wotchi nayo musaikhulupirire kwambiri. Za pamkonozi zimawerenga magazi pogwiritsa ntchito kuwala, ndipo zimatsalira m'mbuyo mtima ukamasintha liwiro mofulumira, makamaka lamba akakhala wokhwepa ndipo mkono uli thukuta lokhalokha. Imangeni bwino, pamwamba pang'ono pa kafupa ka pamkono. Kuwerenga ndi zala kulinso ndi msampha wake. Mukawerenga kwa masekondi 10 n'kuchulukitsa ndi 6, kuphonya kugunda kumodzi kokha kumasokoneza yankho ndi 6, yomwe ndi theka la 12 ija. Komanso pomwe mukufufuza mtsempha pakhosi mtima wayamba kale kutsika, ndiye nambala yoyamba imachepa ndipo kutsika kumaoneka kochepa.

Ngati mumamwa mankhwala a BP monga atenololo kapena propranololo, dziwani kuti amagwira mtima kuti usathamange kwambiri, choncho nambala zanu aziwerenge ndi dokotala. Musawasiye pofuna kuti wotchi ioneke bwino.

Mukayeza moyenera kangapo n'kumapezabe 12 kapena kucheperapo, pitani kuchipatala ndi kapepala ka nambala zanuzo. Akuyezeni BP, shuga ndi kuchuluka kwa magazi, ndipo dokotala aone ngati pakufunika ECG, komwe ndi kuyeza kagundidwe ka mtima ndi makina. Koma mukamva chifuwa chikufinya pachitunda paja, ululu ukutsikira kumkono kapena kukwera kunsagwada, mtima ukugunda modumphadumpha, kapena mukakomoka, imani pomwepo ndipo pitani ku Queens tsiku lomwelo, ngakhale wotchi itaonetsa kuti mtima watsika ndi 30.