Mwalemba 300 dpi koma zithunzi za masamba a PDF zikutulukabe zosaoneka bwino?

"Ndili ndi kabuku ka PDF ka masamba 48, ndipo ndikufuna tsamba lililonse likhale chithunzi pachokha cha 300 dpi choti ndikasindikize. Ndinalemba `magick buku.pdf -density 300 tsamba.png`. Zithunzi zatuluka ndithu, kompyuta ikuonetsanso kuti ndi 300 dpi, koma zilembo zake n'zophwanyikaphwanyika. Masamba akumapeto, omwe anajambulidwa pa sikana, ndiye osanena. Ndalakwitsa pati?"

Muli ndi mavuto awiri osiyana, ndipo loyambalo n'losavuta. Nambala mwasankha yoyenera, koma mwaiika pamalo polakwika.

Tsamba la PDF lomwe linachokera mu pulogalamu yolembera lilibe mapikiselo. Mkati mwake muli malangizo okhaokha: chilembo chakuti chikhale apa, mzere uyambire apa ukathere apo. Kukula kwa tsambalo kumayezedwa m'mapointi, ndipo mapointi 72 ndiwo inchi imodzi. Tsamba la A4 ndi mapointi 595 m'lifupi ndi 842 m'litali. Mapikiselo amabadwa pa nthawi yomwe pulogalamu ikujambula tsambalo, ndiye imayenera kudziwiratu kuti pa inchi iliyonse iike angati isanagwire n'komwe fayiloyo. Nambala imeneyi ndiyo dpi.

ImageMagick, pulogalamu imene mukuitana polemba `magick`, imawerenga lamulo kuyambira kumanzere kupita kumanja. Pamene inafika pa `buku.pdf` inali isanamve za 300, choncho inajambula masamba onse pa 72 dpi, yomwe imagwiritsa ntchito ikapanda kuuzidwa kanthu. Itakumana ndi `-density 300` kutsogolo, ntchito inali itatha kale, ndipo inangolemba nambalayo m'fayilo ngati chikwangwani. N'chifukwa chake kompyuta yanu ikuti 300 pomwe maso anu akukana.

Musakhulupirire chikwangwanicho, werengani mapikiselo. Onani kukula kwa chithunzi chimodzi mwa zimene mwatulutsazo. Ngati kabuku kanu ndi ka A4, mupeza 595 x 842, ndendende nambala za mapointi zija, ndipo umenewo ndiwo umboni woti tsamba linajambulidwa pa 72. Masamu ake ndi awa: mapointi muwagawe ndi 72, kenako muchulukitse ndi dpi imene mukufuna. Pa 300 dpi, A4 iyenera kutuluka pafupifupi 2480 x 3508. Pa 150 ndi 1240 x 1754. Mukaona 2481 musadandaule, mapulogalamu ena amakweza kanambala kotsalira kukhala pikiselo yathunthu.

Mungathe kungosuntha `-density 300` kuti ibwere patsogolo pa dzina la fayilo, ndipo zitheka. Koma pa ntchito imeneyi ine ndimakonda `pdftoppm`, yomwe imabwera limodzi ndi zida za PDF zotchedwa Poppler. Inapangidwira zimenezi basi, ndipo ilibe msampha umene mwagweramowu.

```
pdftoppm -r 300 -png buku.pdf tsamba
```

Apa `-r 300` ndiye dpi, `-png` ndi mtundu wa chithunzi, ndipo `tsamba` ndi mawu oyambira maina a mafayilo. Mupeza `tsamba-01.png` mpaka `tsamba-48.png`. Ziro wakumayambiriroyo imamuika yokha malinga ndi kuchuluka kwa masamba, choncho mafayilo amandandalikana bwino mu foda, tsamba 10 silidumpha kukakhala kutsogolo kwa tsamba 2. Nambala zake zimagwirizananso ndi masamba a mu PDF, pomwe ImageMagick imayamba kuwerenga pa 0, zomwe zimasokoneza mukamafunafuna tsamba limodzi. Mukaiwala `-r`, `pdftoppm` imatenga 150. Ndipo musanathamangitse masamba onse, yesani limodzi poonjezera `-f 5 -l 5`, mulitsegule, mulikulitse, muone m'mbali mwa zilembo ngati muli mosalala.

Kwa masamba a zilembo ndi mizere, khalani pa PNG. JPEG imachepetsa fayilo potaya tizinthu tina, ndipo kutayako kumaonekera kwambiri mozungulira zilembo zakuda papepala loyera, pomwe pamabwera timadontho totuwa. Masamba odzaza zithunzi za kamera ndi amene `-jpeg` imawayenera.

Mwina mungaganize zopita pa 600 kuti pasakhale chokaikitsa. Dziwani kuti mukachulukitsa dpi kawiri, mapikiselo amachuluka kanayi, chifukwa tsamba limakula m'lifupi ndi m'litali momwe. A4 pa 300 ndi mapikiselo pafupifupi 8.7 miliyoni, pa 600 ndi pafupifupi 35 miliyoni. Pa kabuku wamba kosindikiza, 300 imakwana, ndipo ya pa sikirini 150 ndi yambiri kale.

Tsopano masamba a pa sikana aja, omwe ndi nkhani ina. Tsamba lotere si malangizo ayi, ndi chithunzi chimene chinajambulidwa kale n'kuikidwa mkati mwa PDF, ndipo mapikiselo ake anawerengeka tsiku lomwe pepala linadutsa pa sikana. Kuti mudziwe kuti alipo angati, funsani fayiloyo:

```
pdfimages -list buku.pdf
```

Lamuloli limatulutsa mzere umodzi pa chithunzi chilichonse chomwe chili mu PDF. Yang'anani pansi pa `width`, `height`, `x-ppi` ndi `y-ppi`. Tiyerekeze kuti pa tsamba 41 mwapeza `width` 827, `height` 1169, ndipo `x-ppi` ndi 100. Ndiye kuti pepalalo linajambulidwa pa 100 dpi. Mukalamula 300, mulandiradi chithunzi cha 2480 x 3508, koma pikiselo iliyonse yakale yangotambasulidwa kuti idzaze malo a mapikiselo 9. Fayilo ikula, zilembo zikhalabe zachimbuuzi. Palibe nambala imene mungalembe yobwezeretsa zomwe sikana sinaone.

Njira yozindikirira ndi maso ilipo. Tsegulani PDF n'kukulitsa tsamba kwambiri. Zilembo zenizeni zimakhalabe zakuthwa ngakhale mukulitse bwanji, pomwe za pa sikana zimasanduka timabokosi. Ena amayesa poona ngati mawu akutheka kusankhidwa ndi mausi, koma njira imeneyo imanamiza, chifukwa masamba ambiri a pa sikana amakhala ndi mawu osaoneka oikidwa pamwamba pa chithunzi kuti munthu azitha kufufuza.

Ndiye muchite chiyani nawo? Ngati mapepala enieniwo akadalipo, ajambuleninso pa 300, palibe china choposa apo. Ngati kulibe, zitengera osindikiza anu. Akafuna kuti zithunzi zonse 48 zikhale zofanana kukula, siyani masambawo atuluke pa 300 pamodzi ndi anzawo, muli kudziwa kuti kuoneka kwake sikusintha. Mukafuna zithunzizo mmene zilili, musazijambulenso konse, ingozitulutsani:

```
pdfimages -all -f 41 -l 48 buku.pdf sikana
```

Chenjerani pang'ono apa: `pdfimages` imatulutsa zithunzi zamkati zokha. Nambala ya tsamba kapena mawu amene anaonjezeredwa pamwamba pake sabwera nawo, ndipo tsamba limodzi likhoza kukhala ndi zidutswa zingapo. Mukaona mizere iwiri kapena itatu ya tsamba lomwelo pa mndandanda uja, bwererani ku `pdftoppm`.

Chomaliza choti muone musanatumize: masamba a pa sikana nthawi zina amakhala ndi kukula kwachilendo mkati mwa PDF, ndipo popeza dpi imachulukitsa mainchi a tsamba, 300 yomweyo ikhoza kukupatsani zithunzi zosiyana kukula. Lembani `pdfinfo -f 1 -l 48 buku.pdf` muone mapointi a tsamba lililonse. Ngati ena apatuka pa 595 x 842, siyani `-r` ndipo mulembe `-scale-to-x 2480 -scale-to-y -1`. Zithunzi zonse zidzakhala mapikiselo 2480 m'lifupi, ndipo `-1` imauza pulogalamu kuti iwerengere yokha m'litali kuti tsamba lisapindike maonekedwe.