Mabotolo a gulukosamini a amayi: tipitirize kugula kapena tisiye?

"Amayi anga ali ndi zaka 63, amakhala ku Ulongwe ku Angoniya. Bondo lawo lakumanja limapweteka akamatsika phiri ndiponso akamadzuka pamphasa. Kuchipatala anati mafupa a m'bondo akuperepeseka chifukwa cha ukalamba. Achimwene anawagulira ku famasi ya ku Tete mabotolo awiri a gulukosamini wosakaniza ndi kondoroitini, botolo lililonse makapisozi 60, ndipo ndi odula. Amwa milungu itatu koma akuti sakuona kusintha. Kodi amathandizadi? Nanga amwe mpaka liti?"

Achemwali, zikanakhala kuti simunagule, ndikanakuuzani kuti ndalamazo musunge. Koma poti amayi ayamba kale, pali njira yoyesera kuti mudziwe zoona pa bondo lawolo, osangogula mwezi ndi mwezi mongoyembekezera.

Kumapeto kwa mafupa a m'bondo kuli kachichereŵechereŵe koterera kamene kamateteza kuti mafupawo asakhulane. Gulukosamini ndi kondoroitini ndi zina mwa zinthu zomwe thupi limapangira kachichereŵechereŵeko, n'chifukwa chake anthu anaganiza kuti kuzimwa kungabwezeretse pomwe padyeka. Ganizo lake ndi lomveka. Vuto linabwera pamene analiyesa pa anthu ambiri.

Kafukufuku amene ndimamudalira kwambiri ndi wa ku Amerika wotchedwa GAIT, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2006, ndipo ndalama zake zinachokera ku boma osati kwa ogulitsa mankhwalawa. Anatenga anthu 1,583 odwala mawondo n'kuwagawa m'magulu asanu kwa milungu 24. Ena ankamwa gulukosamini yekha, ena kondoroitini yekha, ena zonse ziwiri, ena mankhwala opha ululu otchedwa selekokisibu, ndipo gulu lomaliza linkamwa makapisozi opanda mankhwala m'kati, iwo osadziwa. Pa anthu 100 aliwonse omwa makapisozi opanda kanthuwo, 60 anati ululu wachepa. Pa omwa gulukosamini yekha anali 64, pa omwa zonse ziwiri pafupifupi 67, pa omwa selekokisibu 70. Ndi selekokisibu yekha amene anasiyana ndi makapisozi opanda kanthu mokwanira kuti ofufuza anene kuti si mwayi chabe.

Taimani kaye pa 60 ameneyu, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Anthuwa sankanama. Ululu wa bondo umakwera n'kutsika wokha, ndipo munthu amayamba mankhwala pa sabata imene bondo lamuzunza kwambiri, ndiye sabata zotsatira zimakhala zabwinoko ngakhale asamwe kanthu. Kuyembekezera kuchira nakonso kumachepetsadi ululu umene munthu akumva. Choncho mnansi akanena kuti "ine anandithandiza," akunena zimene wamva m'thupi mwake, koma sangadziwe ngati ndi kapisoziyo wachita zimenezo.

Ogulitsa amakonda kutchula mbali imodzi ya kafukufuku yemweyo. M'kagulu ka anthu 354 amene ululu wawo unali waukulu, omwa zonse ziwiri anapeza bwino 79 pa 100, pamene omwa opanda kanthu anali 54. Ofufuzawo ananena okha kuti kaguluko kanali kochepa ndipo pafunika kuyesanso. Atayesanso ku Sipeini, pa anthu 164, zotsatira za mu 2017 zinaonetsa kuti mankhwala osakanizawo sanapose makapisozi opanda kanthu, mpaka kafukufukuyo anamuimitsa asanathe. Za kubwezeretsa kachichereŵechereŵe nazonso sizinaoneke: ena mwa anthu a GAIT anawajambula mawondo patatha zaka ziwiri ndipo sipanapezeke kusiyana kodalirika. Kafukufuku amene anapezako phindu anali makamaka wa mtundu umodzi wa gulukosamini salufeti, wolipiridwa ndi kampani yomwe imaupanga. N'chifukwa chake bungwe la madokotala a nyamakazi ku Amerika mu 2019, komanso bungwe la NICE la ku Mangalande mu 2022, analangiza kuti gulukosamini asamaperekedwe pa vuto la bondo ngati ili.

Tsopano za amayi. Milungu itatu ndi yochepa, chifukwa ngakhale amene amakhulupirira mankhwalawa amati amachedwa kugwira. Nthawi yoyenera kuyesa ndi miyezi itatu, pa mlingo umene unayesedwa: mamiligalamu 1,500 a gulukosamini ndi 1,200 a kondoroitini tsiku lililonse. Werengani pabotolopo. Ngati kapisozi mmodzi ali ndi 500 ndi 400, ndiye kuti atatu patsiku, ndipo botolo la 60 limatha pa masiku 20 okha. Miyezi itatu imafuna makapisozi 270, mabotolo anayi ndi theka. Muli ndi awiri, choncho khalani pansi ndi achimwene muwerengere mametikali a mabotolo atatu otsalawo musanapitirire. Ngati amayi akhala akumwa mmodzi patsiku kuti botolo likhalitse, mlingo umene unayesedwa sanaufike n'komwe, ndipo kumwa motero n'kutaya ndalama pang'onopang'ono.

Mukasankha kupitiriza, gulani kope. Sankhani ntchito imodzi imene amayi amachita masiku onse, monga kudzuka pamphasa, ndipo Lamlungu lililonse muziwafunsa kuti ululu wake uli pati, kuyambira 0 mpaka 10. Lembaninso mapiritsi a panado amene amwa sabata imeneyo, ndi ntchito imene agwira. Ntchitoyo musaiwale, chifukwa munthu amene wayamba mankhwala nthawi yokumba mbatata n'kumaliza nthawi yopuma adzayamikira botolo pomwe chathandiza n'kupuma kwa bondo. Tiyerekeze kuti lero anena 7 ndipo akumwa panado 14 pa sabata. Miyezi itatu ikatha ali pa 6 kapena 7, panado ali yemweyo, asiye ndipo musagulenso. Akatsika kufika pa 4, panado n'kuchepa, asiyebe kwa mwezi umodzi mukulembabe m'kope. Ululu ukapanda kubwerera, sanali makapisozi. Ukabwerera ndiye pali chifukwa choganizira zogulanso, ndipo kusiya mwadzidzidzi kulibe vuto lililonse.

Kwa anthu ambiri mankhwalawa savulaza, kupatula kudzaza m'mimba, chilungulira kapena kutsegula m'mimba pang'ono, ndipo kumwa atadya kumathandiza. Koma ngati amayi amamwa wafarini, mankhwala oletsa magazi kuundana, asamwenso kapisozi ngakhale mmodzi asanaonane ndi dokotala, chifukwa kuphatikizako kungachititse magazi kutuluka osaleka. Gulukosamini wambiri amapangidwa kuchokera ku zikamba za nkhanu ndi tizilombo tina ta m'nyanja, ndiye amene thupi lawo limadana ndi nkhanu asamale. Odwala shuga aziyezetsa shuga wawo m'miyezi yoyambayi.

Chimene ndikufuna kwambiri n'chakuti makapisoziwa asatseke zinthu zimene umboni wake ndi wolimba. Kulimbitsa minofu ya ntchafu ndiko kumathandiza koposa: akhale pampando, awongole mwendo, augwire m'mwamba akuwerenga mpaka 5, autsitse pang'onopang'ono, ka 10 m'mawa ndi ka 10 madzulo, mwendo uliwonse. Potsika phiri atenge ndodo m'dzanja lamanzere, mbali ya mwendo wabwino. Mpando wokwererapo ulowe m'malo mwa mphasa. Mankhwala opaka a dikulofenaki amachepetsa ululu wa bondo ndipo savuta m'mimba ndi impso ngati mmene mapiritsi ake amachitira kwa achikulire. Bondolo likatupa mwadzidzidzi, likatentha, thupi lonse likatentha, kapena akalephera kupondera, musadikire miyezi itatu, apite kuchipatala tsiku lomwelo.