Tsiku la m'buku ndi tsiku la sikani

"Amayi anzanga thandizeni. Kusikelo anandilembera kuti ndidzachira pa 5 Novembala, koma dzulo sikani yanena pa 19. Bambo akunyumba ayamba kundifunsa mafunso achilendo. Loona ndi liti?"

Asisi, ndawerenga izi mtima wanga wachita kuti phaa, moti ndasiya ndiwo pamoto kuti ndikuyankheni. Mafunso achilendo amenewo ndikuwadziwa. Ine anatsala pang'ono kundithetsera banja.

Bambo a kwathu anali ku Joni, anabwera pa 1 Julayi. Ine kumwezi ndinapita komaliza pa 10 Juni, ndilo tsiku limene ndinayamba kuona magazi. Nditakayamba sikelo anamwino anandifunsa tsiku limenelo basi, kenaka anazunguza kakadi kawo kozungulira kaja n'kulemba 17 Malichi. Palibe matsenga pa kakadi kaja. Amatenga tsiku loyamba la msambo womaliza n'kuwonjezera masiku 280, omwe ndi masabata 40. Mukhoza kuwerenga nokha pamutu: pa tsikulo onjezani masiku 7, pa mweziwo onjezani miyezi 9. Pa 10 Juni kuwonjezera 7 ndi pa 17 Juni, miyezi 9 kuchokera Juni tafika Malichi. Ndi tsiku loyamba, osati lomwe munamaliza kusamba. Ambiri timalakwitsa pomwepa, timatchula tsiku lomwe tinauma, ndiye masamu onse amasuntha ndi masiku anayi kapena asanu.

Koma chimene palibe anandiuza n'chakuti pa masabata 40 aja, awiri oyambirira umakhala ulibe mimba n'komwe. Amayambira kuwerenga pa msambo chifukwa ndilo tsiku lomwe mayi angalikumbukire. Dzira limatuluka pambuyo pake, ndipo masamuwa amangoganiza kuti mkazi aliyense amasamba pakatha masiku 28 alionse ndipo dzira lake limatuluka cha pa tsiku la 14. Kuchokera pamene mimba yalowadi mpaka kubadwa ndi masiku pafupifupi 266, masabata 38. Ndiye akakuuzani kuti mimba ili ndi masabata 10, ndiye kuti inalowa masabata 8 apitawo.

Tsono ine thupi langa silinkayenda pa 28. Chisiyireni jakisoni wolera ndinkatha masiku 40, nthawi zina 42, ndisanapitenso kumwezi. Munthu wotere dzira lake silituluka pa tsiku la 14. Limatuluka kutatsala masiku pafupifupi 14 kuti msambo wina ubwere, ndiye kwa ine kunali cha pa tsiku la 28. Anamwino sanandifunse zimenezo, mzere unali wautali mpaka panja, nanenso sindinkadziwa kuti n'zofunika kunena.

Pa 2 Seputembala ndinaona timagazi, ndinathamangira kuchipatala, anandipanga sikani. Mwana anali bwino, mtima ukugunda. Buku linkati ndili ndi masabata 12 ndendende. Wopanga sikaniyo anayeza kamwanako kuchokera pamwamba pa mutu mpaka kumatako, pa pepala amalemba kuti CRL, n'kupeza masentimita atatu ndi pang'ono chabe. Mwana wa masabata 12 amakhala atapitirira masentimita asanu. Anati mayi, iyi ndi ya masabata 10, tsiku lanu ndi pa 31 Malichi. Anadula 17 n'kulemba 31 pambali pa EDD, pomwe amalemba tsiku loyembekezera kuchira. Ine ndinabwerera kunyumba ndikusangalala kuti mwana ali moyo, pepala ndinangoliika pa tebulo.

Alamu anga aakazi, achemwali awo a bambo, ndi amene analitola. Mayi amene uja Mulungu amukhululukire, ine sindinafikepo. Madzulo ake ndinangoona apongozi atulukira, atenga mpando akhala pakhonde osayankha moni wanga. Alamu aja anatsitsa kalendala kukhoma, chala pa 2 Seputembala, n'kumabwerera m'mbuyo mokweza ngati ali m'kalasi, sabata imodzi, masabata awiri, mpaka 10. Chala chinaima pa 24 Juni. Anati achimwene, inu munatsika basi pa 1 Julayi, mimba iyi munaitumiza pa foni? Kenaka anatsegula buku la sikelo, anaona pamene panalembedwa 10 Juni, anati onani apa ndiye zafika poipa, masiku awiri osiyana, akubisa chinachake ameneyu. Ine nditagwada pansi, m'mimba mukupotokola, kumene ndachoka kuchipatala ndi magazi tsiku lomwelo. Ana a aneba ali pampanda kusuzumira. Apongozi anangoti mwana wanga, ukanena wekha zimapepuka. Ndinene chiyani? Bambo anakhala chete, maso pansi, ndipo kukhala chete kumeneko kunandipweteka kuposa pakamwa pa mlongo wawo. Usiku umenewo anagona pabalaza. Ine ndinagona ndi chitenje kukamwa kuti asamve kulira, ndikuwerenga zala mumdima, nanenso masamu osandituluka. Ndinayamba kudzikayikira ndekha pa chinthu chomwe ndikudziwa kuti sindinachite.

Patatha masiku atatu ndinawakoka bambo kupita nawo kuchipatala. Mzamba wina wachikulire anatikhazika pansi n'kutenga cholembera. Anati masabata 10 a pa sikani amawerengedwa mofanana ndi a m'buku, ali ndi masabata awiri aja omwe mimba inali isanalowe. Chotsani awiri, atsala 8. Bwererani masabata 8 kuchokera pa 2 Seputembala. Bambo anawerenga okha pa foni, anafika pa 8 Julayi. Sabata imodzi chibwerereni iwo. Anangogwira pakamwa. Ndipo taonani, pepala lomwe alamu ankandipachika nalo ndi lomwe linandiwombola, chifukwa tikanatsatira za m'buku zija, mimba ikanaoneka ngati inalowa cha pa 24 Juni, iwo asanabwere. Mzamba uja anawonjezera kuti ngakhale 8 Julayi yo si ya ndendende, ikhoza kusuntha ndi masiku angapo uku kapena uku, komanso umuna umatha kukhala moyo m'thupi la mkazi mpaka masiku asanu. Sikani sinapangidwe kuti izigamula milandu ya m'banja.

Chifukwa chomwe sikani yoyambirira amaikhulupirira kuposa tsiku la kumwezi n'chakuti m'miyezi itatu yoyamba ana onse amakula pafupifupi mofanana. Kaya bambo wake ndi chimphona kaya ndi wamfupi, kaya mayi akudya bwino kapena akungosanza, pa masabata 10 kutalika kwake kumakhala komweko. Ndiye ikalakwa imalakwa ndi masiku 5 mpaka 7 basi. N'chifukwa chake madokotala sasintha tsiku akaona kusiyana kwa masiku awiri kapena atatu, amasiya la m'buku. Pa msinkhu umene ndinali ine amasintha kusiyana kukapitirira masiku 7, ndipo kwanga kunali 14. Mimba ikamakula sayezanso thupi lonse, amayeza mutu, mimba ya mwanayo ndi fupa la ntchafu, ndipo apa ana amakhala ayamba kusiyana. Cha pa miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi ikhoza kuphonya ndi masiku 10 mpaka 14. M'miyezi itatu yomaliza ikhoza kuphonya ndi masabata atatu athunthu.

Zimenezi ndinaziona ndekha. Mu Febuluwale ndinakalipira sikani ina kuchipatala cha pulayiveti, kufuna kudziwa ngati ndi mwamuna kapena mkazi. Makina anatulutsa pa 20 Malichi. Ndinanjenjemera, ndinati zayambanso. Adokotala a kusikelo anati ayi, limenelo musalitenge, mwana wanu wangokhala wonenepa. Tsiku likakhazikitsidwa ndi sikani yoyambirira silisunthanso. Ya kumapeto imathandiza kuona ngati mwana akukula bwino, mmene wagonera, madzi ndi pamene pali nsengwa. Anandiuzanso kuti kusuntha tsiku mochedwa kuli ndi ngozi yake, chifukwa mwana amene sakukula bwino m'mimba amaoneka wamng'ono, ndiye wina akhoza kungoti mimbayi ndi yaing'ono, n'kukankhira tsiku kutsogolo, vuto lenileni osalizindikira.

Ndiye inu simunatiuze kuti sikani yanu mwapanga mimba ili ndi miyezi ingati, ndipo nkhani yonse yagona pamenepo. Ngati ndi yoyamba ndipo mimba inali isanapitirire miyezi itatu, gwirani la 19. Ngati mwapanga mimba itakula kale, ndipo tsiku lanu la kumwezi mukulikumbukira bwino, mumasamba mwezi ndi mwezi osadumphitsa, kusiyana kwa masabata awiri kukhoza kungokhala kuphonya kwa makina, la 5 likhoza kukhalabe. Dzifunseninso ngati munali mutangosiya kulera, kapena munkayamwitsa, kapena ngati msambo womalizawo unali weniweni. Ena amaona timadontho ta tsiku limodzi mimba italowa kale, n'kumayesa ndi kumwezi. Mukapita kusikelo mukanene zonsezi, ndipo asankhe tsiku limodzi alembe m'buku, musamayende ndi awiri.

Alamu aja sanagonje. Pa 17 Malichi patadutsa ndisanachire, anayamba kuuza anthu kuti mwana akukana kutuluka chifukwa mayi wake sanaulule. Apongozi anabweretsa mwanamphepo m'kabotolo kuti ndimwe matenda ayambe. Ndinakathira kuchimbudzi, ndipo chonde nanunso wina akakupatsani musamwe, mankhwala amenewa amatha kuyambitsa matenda amphamvu mopitirira mpaka chiberekero kung'ambika. Mwana wanga anabadwa pa 3 Epulo, kungodutsa masiku atatu pa tsiku la sikani. Tikanatsatira buku akanati ndapitirira masabata 42, ndipo akanandiyambitsa matenda kalekale pomwe masiku anali asanapitirire. Ana ambiri sabadwa pa tsiku lolembedwalo, pa 100 ndi anayi kapena asanu okha, ambiri mwa otsalawo amabwera m'masabata ozungulira pamenepo, kuyambira 37 mpaka 42. Koma mukafika 41 musakhale pakhomo kudikira, pitani akakuoneni. Ndipo mwana akachepetsa kugunda, kapena mwaona magazi, kapena nsupa yasweka, musayang'anenso kalendala, nyamukani.

Ine langizo langa, tsiku lanu musauze munthu, ngakhale bambo amene, mapepala bisani pansi pa sutikesi. Akafunsa muzingoti kumapeto kwa chaka. Komabe poti afunsa kale, atengeni mupite nawo kusikelo akamve okha kwa azamba, musalimbane nawo nokha usiku, mawu anu sangawamve panopa. Ndipo sikanizi musaziike pamtima kwambiri, ndi makina, wogwira akapendeketsa dzanja nambala imasintha. Ine panopa ndimalemba tsiku lililonse lomwe ndayamba kusamba kuseri kwa buku la nyimbo la kutchalitchi, komwe alamu sangatsegule. Mwanayo ali ndi zaka zinayi tsopano, mphuno ndi makutu ndi za bambo ake, ndipo mayi uja mpaka lero sanabwere kudzapepesa.