Yambani ndi mawu amene mpingo udzavomere

"Ine ndimatsogolera kwaya ya achinyamata kuno ku Nkhotakota. Ndikapeka kolasi, akwaya amaigwira bwinobwino, koma tikaiyimba m'tchalitchi anthu amangotiyang'ana osavomera. Kodi ndingapeke bwanji kolasi yoti mpingo uigwire utangoimva kamodzi?"

Achimwene, kalata yanuyi yandikumbutsa maliro ena amene sindiwaiwala. Anali a msodzi wa mumpingo mwathu kufupi ndi ku Chipoka, bambo amene ankatipatsa usipa wa ndiwo tikamakonzekera misonkhano ya kwaya. Usiku wa pasiwa ndinafuna kumuyimbira nyimbo yakeyake. Ndinali nditapeka kolasi yochokera pa Marko 4:35-41, pamene namondwe anawuka Yesu ali mtulo m'ngalawa, ndipo ine ndi anzanga asanu tinaiphunzira masana onse pansi pa mtengo wa mango. Nditaiyambitsa, anavomera ndi anzanga asanu aja basi. Amayi a Chigwirizano anayesa kulowa pa mzere woyamba, pa wachiwiri anasokonekera, pa wachitatu anangokhala chete. Kenaka gogo wina m'nyumba ya siwamo anayambitsa kolasi yakale, mudzi wonse n'kuvomera ngati munthu mmodzi. Zinandipweteka kwambiri, chifukwa nyimbo ija ndinapekera munthu amene ndinkamukonda, ndipo sinamufike.

Patapita masiku ndinakhala pansi n'kuyang'ana pepala lija. Ine ndimati "Mwera ukaomba panyanja", iwo amayenera kuti "Ambuye wathu ali m'bwato sitidzaopa". Mzere wotsatira yankho linali lina, wachitatu linanso. Mayankho atatu osiyana, onse ataliatali, kwa anthu olira, mumdima, opanda buku m'manja. Mbali yokoma ndinadzipatsa ndekha, katundu ndinasenzetsa mpingo.

Tsono ndikuuzeni maganizo anga mosapsatira, ngakhale aphunzitsi ena a kwaya sagwirizana nane. Kolasi yovomerezana si ya woyambitsa, ndi ya ovomera. Amene amayamba kupeka mawu ake oyambitsa n'kudzasaka yankho pambuyo wayamba kufolera nyumba asanazike nsichi. Makolo athu anazidziwa kalekale. Agogo akati "Padangokhala", mwana wa zaka zitatu amadziwa kuti ayankhe "Tili tonse", ndipo yankho lakelo silisintha mpaka nthano ithe. Asodzi pokoka khoka kugombe, amayi pamtondo, chimodzimodzi: mmodzi amasinthasintha mawu, gulu limabwereza kake kamodzi komweko. Chimandidandaulitsa n'chakuti achinyamata athu ambiri akuphunzira kupeka pomvera nyimbo za pafoni zojambulidwa mu situdiyo, mmene woyimba amatha kubwereza kakhumi mpaka zitheke. Kenaka amabwera nazo kutchalitchi ndi kiyibodi yokweza mawu, mpingo n'kusanduka oonerera. Nyimbo zimenezo ndi zabwino pa malo ake, koma gogo wa ku Benga amene wayenda mtunda kudzapemphera sanabwere kudzaonerera.

Mmene ndinaikonzera

Ndinafufuta mayankho onse atatu n'kusiya mawu awiri: "Yesu alimo." Werengani ndi zala: ye-su-a-li-mo, maphatikizo asanu. Kwa ine yankho likapitirira asanu ndi awiri latalika kale. Poyamba ndinayesa "Ali m'bwato", koma ka "m'" kaja kanavuta, ena amakapatsa kugunda kwakekwake, ena amakameza, ndiye anthu amafika kumapeto nthawi zosiyana. Mawu otere muziwapewa pa yankho.

Pa Chichewa chathu, mawu akakhala kumapeto kwa chiganizo timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto. Tanenani nokha "alimo" mumve, "li" ndiye amatalika. Choncho pamene ng'oma kapena m'manja mukugunda mwamphamvu ndinaikapo "li", ndipo ndi pomwe liwu limakhalitsa. Mukakokera pa "mo" anthu amapunthwa osadziwa chawapunthwitsa, chifukwa pakamwa pawo pakukana. Musanaike maimbidwe, yankhulani yankholo mokweza kakhumi, mumve pamene mawu akukwera ndi pamene akutsika, kenaka nyimbo itsate njira yomweyo. Langa linatsika motere: so, mi, mi, re, do. Palibe kudumpha kwakukulu, ndipo limathera pa do, pamene khutu limamva kuti tafika pakhomo.

Yankho litakhazikika m'pamene ndinabwerera ku mawu anga oyambitsa. Mzere woyamba unakhala "M'bwato mwathumu", kuti anthu adziwe kuti "alimo" akunena muti. Ka "m'" apa sikavuta poti woyimba ndi ine ndekha. Kenaka "Mwera ukaomba", "Mafunde akakula", "Madzi akalowa". Taonani ka "-ka-" kameneko. Munthu ukanena kuti "Mwera ukaomba" n'kusiyira pomwepo, chiganizo chimakhala chili lende, aliyense womva amafuna wina achimalize. Mpingo sudikira kuuzidwa kuti lowani, chilankhulo chenichenicho chimawakoka. Maimbidwe nawonso ndinawasiya m'malere: mzere wanga uliwonse umathera pa so, liwu lomwelo limene yankho likuyambira, ndiye anthu amangolitola pakamwa panga.

Mizere yoyambitsa iyenera kutenga nthawi yofanana. Ine ndimawomba m'manja kanayi pa mbali yanga, kanayi pa yawo. Ndinali ndi mzere wakuti "Bwato likadzaza madzi", maphatikizo asanu ndi atatu, unkandithamangitsa n'kulowerera m'nthawi ya anthu, ndiye ndinausintha kukhala "Madzi akalowa", asanu ndi limodzi. "Mafunde akakula" ali ndi asanu ndi awiri, koma poyimba "e" amamezedwa ndi "a" wotsatira, ndiye amakwana.

Ubwino wake, yankho likakhala losasintha woyambitsa amamasuka. Pamaliro mutha kuti "Imfa ikafika", pa nthawi ya njala "Nkhokwe zikauma", kwa alimi a mpunga a ku Lifuwu "Mbalame zikadya", anthu sasokonekera chifukwa mbali yawo ndi yomwe ija.

Poiyambitsa koyamba, musaime n'kumafotokoza. Yimbani mzere woyamba n'kudziyankha nokha, wachiwiri akwaya avomere nanu, ndipo akwayawo musawaunjike kutsogolo onse, ena akhale m'mabenchi pakati pa anthu, mbali ya amayi ndi ya abambo. Pa mzere wachitatu inu khalani chete pa yankho, mungotambasula dzanja. Muyambirenso m'munsi pang'ono kuposa pamene liwu lanu limakonda, chifukwa mukayamba pamwamba abambo amasiya msanga ndipo amayi amatopa pakhosi.

Musanapite nayo Lamulungu, iyeseni pa ana a Sande sukulu kapena amayi amene akusesa patchalitchi Loweruka, osati pa akwaya, poti akwaya amagwira chilichonse mukawabwerezera. Akamang'ung'uza osatchula mawu, yankho latalika kapena mawu ake ndi achilendo. Akamalowa mochedwa, mzere wanu sukuwaitana, onani pamene ukuthera. Akamayang'anitsitsa pakamwa panu, ndiye kuti mukusintha kena kake pa yankho mosazindikira. Yanga ija ndinaiyesa pa ana anayi amene ankatsuka mbale kunyanja, ndipo pa "Mafunde akakula" anali atalowa kale, wamng'ono pa onse akugunda poto ndi chipande pa "li" penipeni. Tengani kolasi yanu imodzi imene inakanika, muwerenge maphatikizo a yankho lake, mundilembere kuti mwapeza angati.