Za Diwali ndi mbale ya maswiti

"Aneba athu achihindu kuno ku Limbe atiyitana ku Diwali. Kodi kumachitika zotani, nanga ife tipite ndi chiyani?"

Pitani ndithu achemwali, musachite manyazi. Ine ndakhala moyandikana ndi banja la Chigujarati, amwenye ochokera ku Gujarat m'dziko la India, zaka zambiri, ndiye ndikuuzeni zomwe ndaona.

Chikondwererochi chimatenga masiku 5, koma usiku waukulu ndi wachitatu, mwezi uli mumdima, pakati pa Okutobala ndi Novembala. Ahindu amakhulupirira kuti usiku umenewo Lakishimi, mulungu wamkazi wa chuma ndi mwayi, amayendera makomo ndipo amalowa m'nyumba yaukhondo ndi yowala. Mukamvetsa zimenezi, zonse amachitazo zikhala zomveka: akukonzekera mlendo. Kudakali sabata ziwiri kapena zitatu amatulutsa katundu, kuchotsa akangaude kudenga, kuchapa makatani, kukwecha ziwiya zamkuwa mpaka mbee, ena kupentanso nyumba. Pakhomo amajambula maluwa pansi ndi ufa wamitundumitundu, dzina lake rangoli. Chonde muyende molambalala, musaponde, anthu amakhala atagwadirapo maola. Nsapato muvule pakhomo pomwepo.

Nyale zomwe amayatsa usikuwo ndi timbale tadothi tating'ono totchedwa diya. Tikakhala tatsopano amayamba ativiika m'madzi kenako n'kutiyanika, chifukwa dothi louma limamwa mafuta, nyale n'kuzima msanga. Amapota thonje m'manja kukhala chingwe, kuligoneka m'mafuta nsonga itatulukira m'mphepete, basi n'kuyatsa. Ndinkaona agogo a m'banjamo atakhala pansi akupota, adzukulu akundandalika nyale pamasitepe ndi m'mawindo, wina akuteteza lawi ndi chikhatho. Ndi nyalezi amakumbukiranso Rama, mmodzi wa milungu yawo, yemwe amati anabwerera kwawo atakhala kutchire zaka 14, anthu n'kumulandira ndi nyale. Madzulo banja limapemphera limodzi, amalonda amadalitsa mabuku awo a ndalama, kenako ndi makombola panja. Ana muwagwire padzanja, ndipo musavale nsalu yopepuka yolendewera pafupi ndi moto.

Tsopano za mphatso. Zipatso, mtedza kapena maluwa n'zokwanira. Nyama, nsomba ndi mowa ayi, ndipo keke muyambe mwafunsa chifukwa mabanja ambiri sadya mazira. Iwo adzakupatsani maswiti ophika okha: ladu, timipira ta ufa wa tchana wokazinga m'mafuta a mkaka wa ng'ombe n'kusakaniza ndi shuga, komanso barifi wa mkaka wodulidwa timabokosi. Ndi zotsekemera kwambiri, tengani kamodzi kaye, mulandire ndi dzanja lamanja. Zina mwa izo zimakhala zitaperekedwa kaye popemphera, ndiye ngati chikhulupiriro chanu sichilola, funsani mwaulemu, adzakusonyezani zina. Akakupatsirani mbale yopita nayo kunyumba, musadzabweze yopanda kanthu, ikanimo ngakhale mango. Ndipo ngati ndi Agujarati, tsiku lotsatira Diwali ndi chaka chatsopano kwa iwo, mukakumana nawo m'mawa muwapatse moni woti "Sali Mubaraki".